Batani Losapanidwa Limanamiranji?

Mukalumikiza batani pakati pa phini la GPIO ndi GND, phinilo limawerenga 0 mukapana. Mukasiya, limangolendewera osagwira paliponse, moti ngakhale chala chongoyandikira chimasintha 0 kukhala 1.

Mankhwala ake ndi rezisita ya 10 kΩ yokokera phinilo m'mwamba ku 3.3 V. Batani likapanidwa, pamadutsa 0.33 mA yokha. Batani likakhala ku 3.3 V, rezisita imapita ku GND kuti ikokere pansi.

Phini la `open-drain` limangotha kukokera pansi; kukweza ndi ntchito ya rezisita. N'chifukwa chake pa I²C zipangizo zingapo zimagawana waya mmodzi osapsa. Koma rezisita ikakula kwambiri, magetsi amachedwa kukwera, uthenga n'kusokonekera.