Jekete ya pachithunzi nayonso iyenera kulemera

Munthu wodziwa kugula zovala pa kaunjika sakhulupirira maso okha. Akaona jekete amainyamula kaye kuti amve kulemera kwake, kenako amafinya mkono wake m'dzanja n'kuusiya, kuona ngati makwinya atsale kapena nsalu ibwerera mwakale. Pomaliza amaikoleka pa zala ziwiri kuti aone mmene ikulendewerera. Dzanja limamuuza msanga zimene wogulitsa sanganene.

Pulogalamu ya pakompyuta yopanga zithunzi ilibe dzanja. Masiku ano munthu atha kutenga chithunzi chake atavala malaya okha, n'kulembera pulogalamu yotere kuti imuveke jekete yomwe sanaivalepo. Telala atha kuchita chimodzimodzi pofuna kuonetsa kasitomala mmene chovala chidzakhalire nsalu isanadulidwe. Mawu olembera pulogalamuwo amatchedwa pulomputi, ndipo kawirikawiri amalembedwa m'Chingerezi chifukwa mapulogalamu ambiri anaphunzira kuchokera ku zithunzi zofotokozedwa m'chinenerocho. Vuto limene limagwetsa ambiri ulesi ndi lakuti jekete imatuluka yokongola koma yabodza. Imaoneka ngati yapakidwa ndi penti pathupi, kapena ngati yaumbidwa ndi pulasitiki.

Tiyeni titenge chithunzi chimodzi tiyende nacho. Mwamuna waima pakhonde, wavala malaya oyera, dzanja lamanja lili m'thumba la buluku moti chigongono chapindika, ndipo kuwala kukuchokera kumanzere kwa chithunzi. Tikufuna kumuveka jekete yotuwa ya ubweya wa nkhosa, yoti angapite nayo ku ukwati m'mwezi wa Juni kukuzizira. Ambiri amayamba chonchi:

```
man wearing a nice grey jacket
```

Mawu amenewa sanena kalikonse za nsalu, choncho pulogalamu imangosakaniza majekete onse otuwa amene inaonapo: a suti, a mvula, a masewera. Chotuluka ndi nsalu yopanda mtundu, yosalala mopitirira, yonyezimira pang'ono pamapewa ngati yapsa ndi simbi. Liwu loti `nice` silithandiza chifukwa limanena maganizo a wolemba, osati chinthu chimene diso lingaone.

Poyambira pabwino ndi kutchula nsaluyo ndi dzina lake lenileni, ndipo dzinalo likhale ndi mbali ziwiri: chimene ulusi unapangidwa nacho, ndi mmene unalukidwira. Kungoti `wool` sikukwanira, pakuti ubweya womwewo umatulutsa nsalu zosiyana kutalitali. Pali `worsted wool`, yosalala ndi yothina ulusi, ya masuti a ku ofesi. Pali `flannel`, yofewa, yokhala ndi tiubweya tating'onoting'ono pamwamba timene timameza kuwala. Pali `tweed`, yokhakhala, yamadontho a ulusi wa mitundu yosiyana. Thonje nalonso n'chimodzimodzi: ndi lomwe limapanga malaya opepuka, ndi lomwenso limapanga jinzi, yomwe mizere yake yopendekera imabwera chifukwa cha kalukidwe kotchedwa `twill`. Pa jekete yathu tisankha fulanelo, ndipo tiwonjezera mawu onena mmene imalandirira kuwala:

```
charcoal wool flannel blazer, matte, slightly fuzzy surface
```

Liwu loti `matte` limatanthauza chosanyezimira, ndipo nthawi zambiri ndi limene limachotsa maonekedwe a pulasitiki aja. Apa nsalu yayamba kuoneka ngati nsalu. Koma ikhoza kukhalabe yomatirira pathupi ngati malaya, chifukwa sitinanene za kulemera.

Amalonda a nsalu amayeza kulemera ndi magalamu a chidutswa cha mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Nsalu ya malaya imakhala cha m'ma 120 magalamu, ya suti wamba cha pakati pa 250 ndi 300, fulanelo ya nyengo yozizira cha m'ma 350, ndipo ya jasi lochindikala imapitirira 500. Ajinzi amakonda kuyeza ndi maaunsi: jinzi yolembedwa `12 oz` ili pafupi ndi magalamu 400. Manambalawa ndi othandiza kwambiri kwa inu wolemba, chifukwa amakuuzani gulu limene nsalu yanu ili. Koma musawadalire kuti pulogalamu iwamvetsa monga angamvere telala. Mukalemba `350 gsm` m'malo mwa `300 gsm`, kawirikawiri chithunzi sichisintha m'njira imene mungayembekezere. Pulogalamu siwerengera kuti nsalu yolemera chonchi ipindika motani. Imangolumikiza mawu ndi maonekedwe amene inaona akuyendera limodzi ndi mawuwo. Mawu wamba monga `lightweight`, `medium-weight` ndi `heavyweight` amagwirako ntchito kuposa nambala, komabe nawonso ali ndi malire.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupempha kuti tichedwepo. Pachithunzi, kulemera sikuoneka palokha. Chimene chimaoneka ndi zimene kulemerako kumachita. Nsalu yopepuka imapanga makwinya ambiri, aang'onoang'ono, oyandikana, ndipo imatsata thupi paliponse pamene lapindika. Nsalu yolemera imapanga mapindo ochepa, aakulu, ozungulira, ndipo imalendewera molunjika pansi osasamala kuti mimba yalowa kapena yatuluka. Nsalu youma ngati jinzi yatsopano imapindika mothyoka, ngati katoni, pomwe silika amayenda ngati madzi. Kuchindikala nako kumaonekera m'mphepete: kolala ya jekete yolemera imatukuka pang'ono pamwamba pa malaya n'kusiya kamthunzi pansi pake. Kamthunzi kameneko kakasowa, diso limadziwa nthawi yomweyo kuti pali chinyengo, ngakhale mwini diso sangafotokoze chimene chalakwika.

Choncho m'malo mouza pulogalamu kuti nsalu ndi yolemera n'kusiyira pomwepo, tiiuze zimene munthu angaone pa chithunzi chathu chomwechi, malo ndi malo:

```
heavyweight cloth, structured shoulders, hangs straight from the chest,
a few broad soft folds at the bent elbow,
thick lapel edge casting a small shadow on the shirt, light from the left
```

Onani kuti tatchula chigongono chopindika chija. Mapindo sabwera mwachisawawa. Amayambira pamene nsalu yakokedwa kapena yapanikizidwa: pa chigongono, m'khwapa, pa batani lomangidwa, ndi pamene dzanja lolowa m'thumba lakankhira m'munsi mwa jekete kumbuyo. Mukangolemba `wrinkled`, pulogalamu imamwaza makwinya paliponse ngati chovala changotuluka kumene m'belo. Mukanena malo ake, mapindo amakhala ndi chifukwa. Tatchulanso kumene kuwala kukuchokera, pakuti jekete yowala kumanja pa munthu amene nkhope yake yawala kumanzere imaoneka ngati yadulidwa m'magazini n'kumatidwa.

Pali cholakwika china chimene mawu, ngakhale atakhala abwino chotani, sangachikonze. Posintha chovala pa chithunzi chomwe chilipo kale, mapulogalamu monga Stable Diffusion, yomwe inatuluka mu 2022, amagwiritsa ntchito njira yotchedwa `inpainting`: mumapaka malo amene mukufuna kuti asinthe, ndipo kunja kwa malowo kumasiyidwa mmene kunaliri. Ambiri amapaka motsata malaya ndendende. Koma jekete ndi yaikulu kuposa malaya. Mapewa ake amatuluka kunja, kolala imakwera kumbuyo kwa khosi, ndipo m'munsi mwake mumatsika kupitirira lamba mpaka kuphimba matumba a buluku. Mukapaka malaya okha, mwalamula jekete yolemera kuti ikwane m'malo a nsalu yopyapyala, ndipo ituluka yothina ngati khungu. Pakani mopitirirako, ngati zala ziwiri kapena zitatu za munthuyo kunja kwa phewa ndi mkono, ndipo mutsike mpaka m'chiuno. Ngati pulogalamu yanu ili ndi `denoising strength`, yomwe imayambira pa 0 kufika pa 1, dziwani kuti ikakhala yotsika imasunga zambiri za chithunzi chakale, moti makwinya a malaya aja amaonekerabe pa jekete. Posintha malaya oyera kukhala jekete yakuda imafunika kukwezedwa, kuyambira cha pa 0.75 kupita m'mwamba, n'kumayesa.

Chithunzi chikatuluka, chikulitseni n'kuchiyang'ana monga telala ayang'anira ntchito ya mnzake. Yambani ndi kukula kwa ulusi. Mukaumirira kwambiri mawu onena za kalukidwe, pulogalamu imakulitsa ulusiwo mpaka jekete kuoneka ngati yasokedwa ndi chiguduli. Pa chithunzi cha munthu wathunthu ulusi umodziumodzi suyenera kuoneka n'komwe, ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa mawuwo kapena kulemba `fine weave`. Kenako onani ngati mbali ziwiri za kolala zikufanana kukula, ngati mabatani ali pamzere umodzi, ndiponso ngati mbali yamanzere ya wovala ili pamwamba pa yamanja monga zimakhalira pa jekete ya amuna. Onani msoko wa paphewa, pamene mkono umalumikizana ndi thupi la jekete, chifukwa nthawi zina umasowa kotheratu. Ngati nsalu ikuoneka yosokonezeka, kwina youma kwina yoyenda, bwererani ku pulomputi mukafufuze mawu otsutsana. Munthu akalemba `silky` ndi `heavy tweed` pamzere umodzi wapempha nsalu yomwe kulibe, ndipo pulogalamu siikana, imangophatikiza. Pokonza, sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse kuti mudziwe liwu limene lagwira ntchito.

Jekete ya chitenje, yomwe atelala athu amasoka kwambiri, ili ndi msampha wakewake. Chitenje ndi nsalu ya thonje yopepuka, koma jekete yake siilendewera ngati chitenje chomanga m'chiuno, chifukwa telala amaika nsalu ina m'kati ndi yolimbitsa pa kolala ndi kutsogolo. Pulomputi iyenera kunena zonse ziwiri, kupepuka kwa nsalu ndi kuuma kwa chovala. Liwu loti chitenje mapulogalamu ambiri salidziwa bwino, choncho dzina la Chingerezi ndi limene limafikitsa pafupi:

```
African wax print cotton blazer, crisp, fully lined, matte,
sharp small creases at the elbow,
pattern bends with the folds and breaks at the seams
```

Mzere womalizawo ndi wofunika kuposa yonse. Pa jekete yeniyeni, mkono umadulidwa padera ndi thupi, choncho duwa kapena bwalo la pa chitenje limaduka pa msoko wa phewa, ndipo limapindika ndi kubisika pang'ono pamene nsalu yapindika. Pulogalamu imakonda kuyala maluwawo mosalekeza kuchokera pachifuwa mpaka pamkono, onse athunthu, onse oyang'ana kutsogolo, ngati pepala lomata pakhoma. Mukaona duwa lawoloka msoko wa phewa osaduka, pakani malo a phewa okhawo, musiye mbali zina zonse, ndipo mubwereze ndi mawu omwewo mpaka msoko uoneke.