Kusunga zithunzi za banja pa intaneti

Kusunga zithunzi pa intaneti, komwe ena amati kusunga mu kilaudi, ndi njira yotumiza zithunzi za m'foni ku makompyuta a kampani kuti zisatayike foni ikadzadza, ikabedwa kapena ikawonongeka. M'chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, pali vuto linanso la madzi osefukira. Namondwe Ana mu Januwale 2022 komanso Freddy mu Malichi 2023 anawononga nyumba ndi katundu wa mabanja ambiri. Memori khadi imachepetsa kudzadza kwa foni, koma popeza imakhala m'foni momwemo, madzi akatenga foni nayo imapita.

Malo aulere

Makampani amapereka malo ochepa aulere, omwe amayezedwa m'magigabaiti. Google imapereka magigabaiti 15, MEGA imapereka 20, OneDrive ya Microsoft ndi iCloud ya Apple zimapereka 5 iliyonse, pomwe Dropbox imapereka 2. iCloud inapangidwira mafoni a iPhone, choncho siyenerana ndi mafoni a Tecno, Itel ndi Samsung. Kale Google Photos inkalandira zithunzi zochepetsedwa popanda malire, koma izi zinatha pa 1 Juni 2021. Magigabaiti 15 aja amagawanidwa ndi Gmail, Google Drive komanso zosunga za WhatsApp. Malowo akatha, zithunzi zatsopano zimasiya kukwera ndipo Gmail nayo imasiya kulandira makalata. Kuwonjezera malo kumafuna kulipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka.

Chitsanzo

Tiyerekeze banja la ku Ngabu lomwe lili ndi foni ya magigabaiti 32. M'fonimo muli zithunzi 2,000 za ukwati, ubatizo ndi ana, ndipo chilichonse ndi cha mamegabaiti pafupifupi 3. Zonse pamodzi zikukwana magigabaiti 6. Mulinso mavidiyo a mphindi 40, ndipo ngati mphindi iliyonse ikudya mamegabaiti 100, mavidiyowo ndi magigabaiti 4. Banjali likufunika malo a magigabaiti 10.

Apa OneDrive ndi Dropbox zaulere zachepa. Google ikukwanira ngati zosunga za WhatsApp ndi makalata sizikupitirira magigabaiti 5. Banjali likhozanso kusankha Storage saver mmalo mwa Original quality. Njirayi imachepetsa zithunzi zazikulu kufika pa mamegapikiselo 16, zomwe zimaonekabe bwino zikatsukidwa pa pepala wamba. MEGA ili ndi malo ambiri, koma imatseka zithunzi ndi pasiwedi ya mwini wake, moti woiwala pasiwedi amene sanasunge Recovery key sangazitsegulenso, ndipo kampaniyo singamuthandize.

Mtengo waukulu uli pa bandulo. Kukweza magigabaiti 10 kumadya data yofanana ndi imeneyo, kaya pa Airtel kapena TNM. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba mwafufuta zithunzi zobwerezabwereza ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, kenako kukweza zotsalazo pa Wi-Fi kapena pang'onopang'ono kumene netiweki ili yamphamvu.

Kupeza malo m'foni

Anthu ambiri amataya zithunzi pa gawo ili. Chithunzi chikafufutidwa mkati mwa Google Photos, chimachoka m'foni komanso pa intaneti. Njira yoyenera ndi kudina Free up space, yomwe imachotsa m'foni zokhazo zimene zakwera kale. Chithunzi chokwera kale chimene chafufutidwa molakwitsa chimakhala mu Trash, kapena Bin m'mafoni ena, kwa masiku 60 chisanatheretu.

Munthu asanachotse kanthu, aone ngati pulogalamuyo yalemba kuti Backup complete. Umboni wodalirika kwambiri ndi kulowa pa photos.google.com pa foni ina kapena pa kompyuta, n'kuona ngati zithunzi za dzulo ndi zakale zomwe zilipo. Akatero pa chipangizo cha munthu wina, atuluke mu akaunti akamaliza. Zithunzi zolandira pa WhatsApp zimakhala mu foda yakeyake, ndipo sizikwera pokhapokha fodayo itasankhidwa.

Kusunga akaunti

Zithunzi zimakhala m'manja mwa amene akudziwa pasiwedi. Nthawi zina akaunti imatsegulidwa ndi wogulitsa foni kapena mwana wa pakhomo, ndipo mwini foni sadziwa ngakhale dzina la imelo yake. Foni yotere ikatayika, zithunzi zimakhalapo koma palibe wozitsegula. Imelo ndi pasiwedi zilembedwe pa pepala losungidwa mu pulasitiki pamodzi ndi zitupa, ndipo wachibale mmodzi wokhulupirika azidziwe. Nambala ya foni yobwezeretsera akaunti ikhale yogwira ntchito, chifukwa simu ikakhalitsa osagwiritsidwa ntchito imatsekedwa. Google nayo ikhoza kufufuta akaunti imene yatha zaka 2 osatsegulidwa.