Cholakwika chimene chinakometsa gemu ya Street Fighter II

Kampani ikamapanga gemu, pamakhala munthu amene ntchito yake ndi kusaka zolakwika. Amabwereza malo amodzimodzi mpaka zala kuwawa, ndipo akaona chachilendo amalemba mmene chachitikira kuti akatswiri achikonze. Zambiri mwa zimene amapeza zimafufutidwa. Koma ku kampani ya Capcom, mumzinda wa Osaka ku Japan, china chinasiyidwa dala.

Gemu yake inali Street Fighter II, ya anthu awiri omenyana, imene inatuluka mu 1991. Noritaka Funamizu, mmodzi wa akuluakulu a ntchitoyi, anafotokoza kuti ankayesa gawo limene wosewera amaphwanya galimoto ndi zibakera. Apa anaona kuti akadina mabatani pa nthawi yake yeniyeni, nkhonya yachiwiri inkatuluka yoyamba isanathe.

Nkhonya iliyonse mu gemu ili ndi magawo atatu: kukunga mkono, kumenya, ndi kubweza mkono. Pobweza mkonopo ndi pamene mdani amapezera mpata wopuma ndi kudziteteza. Tsono kuti Ryu aponye moto wake uja wotchedwa Hadouken, wosewera amakankhira ndodo pansi, kenako pansi chakutsogolo, kenako kutsogolo, n'kudina batani la nkhonya. Anthu ambiri amafulumira kudina. Opanga gemu, powachitira chifundo, analola kuti motowo uzitulukabe ngakhale nkhonya wamba itayamba kale. Chimene chinatsatira n'chakuti nkhonya wambayo ikamupeza mdani, gawo lobweza mkono linkadumphidwa, moto n'kumufika iye akadali dzandidzandi, asanathe kutchinga.

Funamizu anaganiza kuti kupeza nthawi yeniyeniyo n'kovuta kwambiri moti palibe angakugwiritse ntchito pa nkhondo yeniyeni, choncho anangozisiya. Koma achinyamata a m'nyumba zosewerera magemu, amene ankaponya ndalama zachitsulo m'makina tsiku ndi tsiku, anazitulukira n'kuzizolowera. Pofika 1993, Super Street Fighter II inayamba kuwerenga nkhonya zotsatizanazi pa sikirini, kuzitcha Combo, n'kumapereka mapointi.

Si cholakwika chilichonse chimene chili ndi mwayi wotere, ndipo apa m'pamene ndimaona nzeru za woyesa magemu. Mu gemu yomweyi munali vuto lina la msilikali Guile, limene linkamata mdani kwa iye ngati wamangidwa unyolo, masewero n'kuima. Limeneli analichotsa mu Champion Edition ya 1992, chifukwa linkangolanda mnzako mwayi wosewera. Nkhonya zotsatizana zinali zosiyana: zinkachitika mofanana nthawi zonse, zinkafuna kuphunzira, ndipo zinali ndi malire, popeza nkhonya iliyonse imakankhira mdani kumbuyo pang'ono mpaka mkono sumufikanso. Womenyedwayo ankatsala ndi mpata wobwezera, ndipo ankadziwa kuti wapwetekeka chifukwa anatsegula yekha khomo la nkhonya yoyamba.