Odwala 40, mayankho awiri

Tiyerekeze kafukufuku woyambirira wa mankhwala a matenda ovutika maganizo. Odwala 20 amwa mankhwala atsopano, 12 apeza bwino. Ena 20 amwa mapiritsi opanda mankhwala, 8 apeza bwino. Katswiri amene wapatsidwa lipotili kuti aliunike asanalisindikize awerengera mwa njira imene anaizolowera, napeza p = 0.21. Popeza nambalayi yaposa 0.05, iye akuti palibe umboni wokwanira. Kenaka ofufuza abweranso ndi manambala omwewo, atawerengera mwa njira ya Thomas Bayes, m'busa wa ku England amene kalata yake inasindikizidwa mu 1763 iye atamwalira kale. Tsopano akuti mwayi woti mankhwalawa akuposa mapiritsi aja ndi 89 pa 100. Wanama ndani?

Palibe. Mafunso awo ndi osiyana. Nambala ya p imayankha funso ili: zikanakhala kuti mankhwalawa sathandiza konse, kusiyana kotere kapena koposa pamenepa kukanaoneka kangati? Njira ya Bayes imafunsa zimene dokotala amafunadi kudziwa: taona odwalawa, mwayi woti mankhwala akuthandiza ndi wotani? Koma kuti iyankhe, muyenera kunena kaye zimene munkayembekezera musanaone wodwala aliyense. Apa mpamene pagona nkhani.

Nambala ya 89 ija imatuluka mukayamba ngati munthu wosadziwa kanthu, amene amalola kuti mankhwala angathandize aliyense kapena osathandiza ndi mmodzi yemwe. Gawani 0.21 pawiri, muchotse zotsalazo pa 1, mupeza pafupifupi 90 pa 100. Ndi nkhuku yomweyo, angoyiphika mumphika wina. Odwala akadali 40.

Tsono yambani mokayika, monga amachitira amene waonapo mankhwala ambiri a maganizo akulephera. Nenani kuti kusiyana kwenikweni kuli pafupi ndi ziro, ndipo mwayi woti nkupitirira odwala 20 pa 100, mbali iliyonse, ndi 5 pa 100 chabe. Mukatero, phindu looneka lija limatsika kuchoka pa odwala 20 pa 100 kufika pa 6, ndipo 89 imagwa kufika pa 76.

Komanso kuposa mapiritsi opanda mankhwala ndi mpikisano wosavuta. Kuposa ndi kadontho nkuposabe. Tikafuna phindu lomveka kuchipatala, tinene odwala 10 owonjezera pa 100, mwayi uli pafupifupi 71 pa 100 kwa wosadziwa kanthu uja, koma 31 yokha kwa wokayika.

Ine ndikanakhala wounika, sindikanalimbana ndi Bayes. Ndikanafunsa kuti zoyembekezerazo anazilemba liti, asanaone zotsatira kapena p itawakana kale. Ndikanapempha kuti aonetse mawerengedwe onse awiri patsamba limodzi. Ndikanafunsanso za odwala amene anasiyira panjira, pakuti awiri okha mwa 12 aja atawerengedwa kuti sanapeze bwino, theka la kusiyana konse latha.