Kutsegula kalata ya Emotet mwadala

M'chaka cha 2020, ogwira ntchito m'maofesi a mayiko ambiri ankalandira imelo yooneka ngati yankho la kalata yomwe iwo eni adalemba kale. Dzina la wotumiza linali lodziwika, mutu wa nkhani unali womwewo, ndipo pansi pake panali fayilo ya Word yonena za ngongole kapena malipiro. Munthu akaitsegula, ankapeza uthenga womuuza kuti adine `Enable Content` kuti aone zolembedwazo. Ameneyu anali Emotet, pulogalamu yoipa yomwe idayamba mu 2014 ngati yoba ndalama m'mabanki, kenako n'kusanduka yotsegulira zigawenga zina chitseko.

Chomwe batanilo limadzutsa ndi makuro, kapulogalamu kakang'ono kokhala m'kati mwa chikalata. Makuro adapangidwa kuti azifewetsa ntchito zobwerezabwereza, koma ali ndi mphamvu zolamula kompyuta yonse. Tsono fayilo yotere ikafika kwa katswiri wa chitetezo, kungoifufuta sikukwanira. Iye amafuna kudziwa kuti fayiloyo imachita chiyani, komanso kuti akayang'ane chiyani m'makompyuta a anzake omwe mwina adadina kale.

Asanaitsegule, amayamba waiwerengera hashi, yomwe ili ngati chidindo cha chala cha fayilo. Ya mtundu wa SHA-256 imakhala ndi zilembo ndi manambala 64, ndipo kusintha ngakhale kadontho kamodzi m'fayilomo kumasintha hashi yonse. Kenako amaona makuro aja popanda kuwayendetsa, pogwiritsa ntchito `olevba`, chida chomwe adalemba Philippe Lagadec:

```
sha256sum invoice.doc
olevba invoice.doc
```

Hashiyo amakaifunsa ku VirusTotal kuti aone ngati ena adakumana nayo kale. Akatswiri osamala amatumiza hashi yokha, osati fayilo yeniyeniyo, chifukwa fayilo yoikidwa kumeneko anthu ena olipira angathe kuikopera. Ngati muli mayina a makasitomala kapena zinsinsi za kampani, ndiye kuti zaululika.

Pa zomwe `olevba` imaonetsa, diso limathamangira pa mawu ngati `AutoOpen` kapena `Document_Open`. Mawu amenewa akutanthauza kuti makurowo amayamba okha chikalata chikangotsegulidwa, bola munthu walola. Zotsalazo, m'zikalata za Emotet, zinkakhala chipwirikiti chadala: mayina opanda tanthauzo, mizere yambirimbiri yosagwira ntchito, ndipo lamulo lenileni lidadulidwa zidutswazidutswa n'kubisidwa m'malo osiyanasiyana. Munthu angathe kulilumikiza ndi manja, koma njira yachidule ndi kulola fayiloyo ilumikize yokha pamalo pomwe singapweteke aliyense.

Malo amenewo ndi sandibokisi. Nthawi zambiri imakhala kompyuta yongoyerekeza, yoyenda m'kati mwa kompyuta yeniyeni kudzera m'pulogalamu ngati VirtualBox. Muli Windows ndi Word, koma mulibe mapasiwedi enieni kapena mafayilo a ntchito. Njira zonse zopitira ku kompyuta yeniyeni, monga mafoda ogawana ndi kukopera mawu kuchoka uku kupita uko, zimatsekedwa. Netiweki yake sifika pa intaneti kapena pa makompyuta a mu ofesi. Imangolankhula ndi kompyuta ina yongoyerekeza, kawirikawiri ya REMnux, momwe muli INetSim, pulogalamu yomwe imanamizira kukhala intaneti ndipo imayankha pempho lililonse kwinaku ikulemba. Pomaliza katswiri amasunga chithunzi cha makinawo akadali oyera, chomwe pa sikirini chimatchedwa `snapshot`, kuti akamaliza awabwezeretse mmene analili.

Akatero amayatsa Process Monitor yoona zochitika m'kompyuta, ndi Wireshark yoona zodutsa pa netiweki. Ndiye amatsegula chikalata chija n'kudina batani lomwe aliyense amaletsedwa kudina.

Pa sikirini sipachitika chodabwitsa chilichonse, ndipo apa m'pomwe wongoyamba kumene amapusitsika. Amayang'ana ngati Word yayambitsa pulogalamu ina, sapeza kanthu, n'kunena kuti fayiloyo ilibe vuto. Koma zikalata zambiri za Emotet za nthawi imeneyo sizinkayambitsa PowerShell mwachindunji. Zinkatuma mbali ina ya Windows yotchedwa WMI, choncho pa mndandanda `powershell.exe` inkaoneka pansi pa `WmiPrvSE.exe`, kutali ndi `WINWORD.EXE`. Wodziwa ntchito amayang'ana pulogalamu iliyonse yomwe yabadwa m'masekondi otsatira kudina kuja, mosasamala kuti kholo lake ndani.

Lamulo lomwe PowerShell yapatsidwa limakhala mzere wautali wa zilembo zosawerengeka, wobisidwa m'njira ya Base64. Kumeneku si kutseka ndi kiyi ayi, ndi kulemba mwa mtundu wina chabe, ndipo chida chaulere cha CyberChef, chomwe chidatulutsidwa ndi bungwe la GCHQ la ku Britain, chimaumasula m'kanthawi kochepa. Chotulukamo n'chimene katswiri amafuna kwenikweni: mndandanda wa maadiresi angapo, kawirikawiri asanu kapena kuposerapo, olekanitsidwa ndi chizindikiro ngati `@` kapena `*`. Lamulolo limayesa adiresi yoyamba, kukopera fayilo, kuona ngati kukula kwake kwafika pa mlingo woikidwa, n'kuiyendetsa. Zikakanika limapita pa yachiwiri.

Kumasula ndi manja kumeneku n'kofunika pa chifukwa chooneka. Ngati adiresi yoyamba yayankha bwino, lamulolo limaima pomwepo, ndipo Wireshark imaonetsa adiresi imodzi yokha. Wodalira zimene waona pa netiweki basi amatseka khomo limodzi, ena onse ali pululu.

Tsopano kulemba. Zizindikiro zoti kompyuta yalowedwa zimalembedwa mwadongosolo: hashi ya chikalata, dzina lake, adiresi ya wotumiza ndi mutu wa imelo, maadiresi onse aja, foda ndi dzina la fayilo yokoperedwa, komanso tsiku ndi nthawi yomwe chilichonse chidaoneka. Maadiresi amawalemaza dala kuti wina asadine mwangozi powerenga lipoti:

```
hxxp://example[.]com/wp-content/abc/
```

Pafunikanso kusefa. Windows ndi Office zimalankhula ndi makompyuta a Microsoft nthawi ndi nthawi, ndipo zimenezi zimaoneka mu Wireshark pamodzi ndi zoipa zija. Kuziika m'lipoti ndi kuputa mavuto, chifukwa mawa ofesi yonse idzalephera kulandira zokonza za Windows. Maadiresi a Emotet nawonso nthawi zambiri anali a anthu osalakwa, masamba a WordPress omwe adathyoledwa, choncho lipoti labwino limanena zimenezi m'malo mowatchula eni akewo kuti ndi akuba.

Zizindikirozi sizikhalitsa mofanana. David Bianco adafotokoza mu 2013 kuti hashi ndi chinthu chosavuta kwambiri kuti chigawenga chisinthe, pomwe kachitidwe kake n'kovuta kusiya. Emotet inkasintha mafayilo ndi maadiresi pafupipafupi, moti hashi ya dzulo inkangothandiza kufufuza amene adalandira dzulo. Koma mzere wonena kuti WMI yayambitsa PowerShell yokhala ndi lamulo lalitali lobisidwa, Word itangotsegulidwa kumene, unkagwirabe zikalata zatsopano kwa miyezi.

Sandibokisi nayo ili ndi malire. Mapulogalamu ena oipa amayamba aona ngati ali m'makina ongoyerekeza, ndipo akazindikira amangoti zii. Ena amadikira mphindi zambiri asanachite kanthu. N'chifukwa chake lipoti loona limalemba kuti "sitidaone chilichonse m'mphindi zakutizakuti", osati "fayiloyi ndi yabwino".

Mu Januwale 2021 apolisi a mayiko angapo, mogwirizana ndi Europol, adalanda makina oyendetsera Emotet, koma mu Novembala chaka chomwecho idabweranso. Mu 2022 Microsoft idayamba kutsekeratu makuro a m'mafayilo ochokera pa intaneti, ndipo zigawenga zambiri zidasamukira ku mafayilo a mitundu ina, monga a OneNote ndi a `.lnk`. Zikalata za makuro zikufikabe, makamaka kumene Office yakale ikugwirabe ntchito, ndipo mafayilo atsopanowo akatswiri amawatsegulira m'sandibokisi yomweyo, ndi zida zoonera zomwezo.