Kauniuni pa zenera lolandirira mankhwala

(Phokoso la pasikelo: ana akulira, amayi akucheza pamzere)

Lero tili pachipatala chaching'ono, pafupi ndi zenera lolandirira mankhwala. Mayi aliyense wotuluka kwa adokotala wagwira kabuku ka kuchipatala ka mwana wake. M'timabukuti ndimo muli yankho la funso lathu: kodi maantibayotiki amene ana achifuwa akulemberedwa akugwirizana ndi ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo?

Funsoli lidakula chifukwa cha zimene zidapezeka ku Gulupu, chipatala chachikulu cha mu Blantyre. Kumeneko akatswiri adayeza magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Pofika kumapeto, tizilombo ta mtundu wa Kilebusiyela pafupifupi 9 mwa 10 tinali titasiya kumva jakisoni wa sefitiriyakizoni, amene madokotala amamudalira pa matenda aakulu. Tizilombo timazolowera mankhwala akamaperekedwa mwachisawawa. N'chifukwa chake zipatala zimadziunika zokha, ndipo kauniuni woteroyo amayamba ndi dongosolo lolembedwa.

Dongosololo limasankha nthenda imodzi. Pano tasankha chifuwa cha ana osapitirira zaka zisanu. Muyeso wake ukuchokera m'buku la Unduna lotsogolera kachiritsidwe ka matenda, limene achipatala amalitchula kuti MSTG, ndi m'ndondomeko yosamalira ana odwala. Wachipatala awerenge kapumidwe ka mwana kwa mphindi yathunthu, mwanayo ali phee. Wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, ndiponso wa chaka chimodzi kufika zaka zisanu akapuma ka 40 kapena kuposa, chimenecho ndi chibayo, ndipo mankhwala ake ndi amokisisilini. Akamapuma bwino, wopanda chizindikiro choopsa, ndi chifuwa chabe kapena chimfine, ndipo antibayotiki safunika.

Nanga umboni upezeka kuti? Kaundula wa chipatala amangosunga dzina la nthenda ndi mankhwala. Kapumidwe ndi kulemera kwa mwana zimalembedwa m'kabuku, ndipo kabukuko kamapita kunyumba ndi mayi. Choncho wounika amakhala pomwe pano pazenera. Amapempha mayi mwaulemu kuti aone kabukuko, nakopera msinkhu, kulemera, kapumidwe, nthenda, mankhwala, mlingo ndi masiku. Dzina la mwana salemba, la wachipatala salembanso. Kuti asamangosankha amene wamuona, amatenga mwana wachitatu aliyense wachifuwa, m'mawa ndi masana, pa masiku osiyanasiyana, mpaka ana akwane 50.

(Kuphethira kwa mapepala)

Tiyerekeze timabuku titatu. Koyamba n'ka mwana wa miyezi 18, wolemera makilogalamu 11, wopuma ka 46. Wamulembera amokisisilini wosungunuka m'madzi, mapiritsi awiri a mamiligalamu 250, m'mawa ndi madzulo, masiku asanu. Zonse zagwirizana.

Kachiwiri n'ka mwana wa miyezi 8, wopuma ka 44, ndipo nayenso walandira amokisisilini. Apa pali cholakwa chimene chimachitika mosavuta. Wachipatala waona 44 kuti yaposa 40, koma pa msinkhu uwu malire ndi 50. Mwanayu samafunika antibayotiki.

Kachitatu kangolembedwa kuti chifuwa, bakitirimu, basi. Kapumidwe palibe. Wounika sangadziwe ngati mwanayu anali ndi chibayo, ndiye asamuike pa olondola kapena pa olakwa. Dongosolo labwino limakhala ndi gulu lachitatu, la zosalembedwa. Gululi likakula, chofunika kukonza choyamba ndi kuwerenga kapumidwe. Wounika afunsenso kosungira mankhwala ngati amokisisilini analipo tsikulo, chifukwa wachipatala amene walemba bakitirimu poti enawo atha vuto lake ndi lina.

Tiyerekezenso kuti mwa ana 50 aja, 30 athandizidwa molondola, 8 molakwika, ndipo 12 sadalembedwe mokwanira. Ziwerengerozi zimapita kumsonkhano wa ogwira ntchito onse, popanda kuloza chala munthu. Amagwirizana zochita zooneka: wotchi m'chipinda chilichonse choonera ana, pepala la malire a kapumidwe pakhoma, ndi mawu omveka ouza mayi chifukwa chimene mwana wake akupita kwawo wopanda antibayotiki komanso zizindikiro zomubwezera msanga.

Kauniuniyu ali ndi malire ake. Achipatala akadziwa kuti pazenera pali wounika amasamala kuposa masiku onse, ndipo kabuku kamangonena zimene zidalembedwa, osati ngati mphindi yonse idawerengedwadi. N'chifukwa chake dongosolo limatchuliratu tsiku lobwereza, patatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndi fomu yomweyo ndi muyeso womwewo. Inu amayi ndi abambo, mwana wanu akamatsokomola muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, mwanayu wapuma kangati?"

(Nyimbo yotsekera)