Kanema wa mphindi zitatu wochokera ku Mangalande

Tiyerekeze mtsikana wa ku Dedza amene amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Manchester, ku Mangalande. Waweruka m'mamawa atachezera usiku wonse, ndipo popita kokwerera basi akujambula ndi foni: msewu wonyowa, nyumba za njerwa zofiira zogundizana, mpweya wotuluka m'kamwa ngati utsi. Mphindi zitatu zokha. Watumizira amayi ake pa WhatsApp, iye n'kukagona. Kumudzi ntchito yayamba kumene.

Kumene ali mtsikanayu intaneti ya m'nyumba amalipira pamwezi, satha. Amayi ake amagula bandulo ya Airtel kapena TNM, ndipo kanema aliyense amaluma pa bandulo imeneyo. Foni ya iPhone imanena yokha pamalo osinthira kamera kuti mphindi imodzi yojambulidwa pa 1080p imalemera pafupifupi 60 MB, pomwe pa 4K imatha kufika 400 MB. Ndiye kuti mphindi zitatu zija, pa 1080p, ndi 180 MB. Akatumiza kanemayo ngati Document, WhatsApp samuchepetsa ngakhale pang'ono, ndipo bandulo ya 1 GB imangokwana makanema asanu otere. Apa n'kuti netiweki ikugwira bwino. Ikamadukaduka, kagudumu kaja kamangozungulira mpaka batire kutha, mlongo wake ataima pachulu foni ili m'mwamba.

Mankhwala ake ndi apafupi. Asankhe kanemayo pazithunzi, osati pa Document, ndipo asakhudze pamene palembedwa HD. Akatero WhatsApp amamufinya kanemayo, ndipo amaonetsa kulemera kwake asanapite. Akaona kuti nambala yakula, adule kumutu ndi kumchira, pakuti nthawi zambiri masekondi oyambirira amakhala a nsapato ndi kukonza mpango. Pa foni yaing'ono ya amayi, yong'aluka galasi, kusiyana kwa 4K ndi 720p sakuona munthu.

Chimene amayi amafuna kwenikweni ndi mawu. Chithunzi chikhoza kukhala cha mbuu, koma akamva kuti "Amayi, mwadzuka bwanji, kuno ndili bwino," mtima umakhala pansi. Tsoka ilo, mphepo ya ku Mangalande ikawomba pa foni imameza mawu onse, kumangomveka phokoso ngati la chigayo. Ndi bwino kujambula msewu uli chete, zolankhula n'kukalankhulira m'nyumba, foni ili pafupi ndi kukamwa. Ndipo mvetserani kaye musanatumize. Ambiri sachita zimenezi.

Pamene pagona ngozi yeniyeni ndi kuntchito. Abale amafunsa ndi mtima wabwino, "Tationetsani kumene mumagwira ntchitoko." Koma m'nyumba yosamalira okalamba, munthu aliyense wogona mmenemo ali ndi ufulu wosungiridwa chinsinsi. Agogo amene aonekera kumbuyo ali pa mpando, dzina lolembedwa pachitseko, pepala la mankhwala lili patebulo, zonsezi n'zokwanira kuchotsetsa munthu ntchito, ngakhale kanemayo atapita kwa amayi okha. Kwa mtsikana wathuyu kuchotsedwa ntchito si kutaya malipiro chabe. Viza yake inamangidwa pa bwana amene anamulemba, ndipo ntchito ikatha boma nthawi zambiri limapereka masiku 60 oti apeze bwana wina wololedwa, apo ayi abwerere kwawo. Yunifolomu angaijambule ali kunyumba, atachotsa baji ya dzina. Wophunzira naye achenjere ndi zimene akudzitama nazo: wapayunivesite amaloledwa kugwira ntchito maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, choncho kanema woseka kuti "sabata ino ndagwira masiku onse" ndi umboni wodzitengera yekha.

Musanene kuti ndatumizira amayi okha. Amayi ndi onyadira mwana wawo. Pofika madzulo kanemayo ali pa gulu la amayi a kutchalitchi, mawa ali kwa msuweni ku Joni. Ulipo mwayi wa View once, woti kanema aoneke kamodzi n'kuzimiririka, koma suletsa munthu kujambula ndi foni ina, ndiponso amayi adzadandaula, pakuti iwo amafuna kuonera kasanu.

Palinso bodza limene kamera imanena popanda mwiniwake kufuna. Munthu amajambula tsiku la chipale chofewa, sitolo yodzaza ndi katundu, jekete latsopano. Sajambula chipinda chimodzi cha lendi, khitchini yogawana ndi anthu anayi, kapena miyendo yotupa. Oonera kumudzi amawerengera okha, kenaka mauthenga a fizi ndi feteleza amayamba kugwa ngati mvula. Ine ndimakonda kanema wa munthu ali m'sitolo atanyamula kapaketi ka ufa, n'kutchula mtengo wake m'mapaundi, kenaka m'makwacha, kenaka maola amene wagwira kuti agule. Amalume akaonera ameneyo amafunsa funso lina: "Ndiye nsima mumadya kangati pa sabata?"